Kasitomala walandira uthenga wa pa nambala yanga woti sindinalembe ine

Amake Tada: Mwaswera bwanji abale anga. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Ine ndimagulitsa zitenje ndi nsapato ku Limbe, ndipo maoda ambiri amabwera pa WhatsApp. Dzulo kasitomala wanga wa ku Zomba wandiimbira kufunsa katundu wake, akuti ndalama anatumiza kale Lachiwiri, K45,000. Ine ndalamayo sindinaione. Wanditumizira chithunzi cha macheza athu, ndipo mulidi uthenga wochokera pa nambala yanga wonena kuti nambala yakale yolandirira ndalama ili ndi vuto, atumize pa ina. Mu foni mwanga uthengawo mulibe. Foni ndili nayo, sinabedwepo, WhatsApp ikugwira bwinobwino. Ndiye analemba ndani?

Wamafoni: Pepani mayi. Akuberani akaunti amenewo. Sinthani pasiwedi pompano, onse amene alowa atuluka okha. Ndimakumana nazo tsiku ndi tsiku pa benchi panga.

Amake Tada: Pasiwedi yake iti achimwene? Ine ndikamatsegula WhatsApp sindilemba pasiwedi.

Nabanda: Mwafunsa bwino amayi, WhatsApp ilibe pasiwedi yoti musinthe ngati ya Facebook. Ndipo poti ikugwirabe pa foni yanu, sindikuganiza kuti nambala yanu yalandidwa. Munthu akalembetsa nambala yanu pa foni yake, kwa inu WhatsApp imatseka n'kukuuzani kuti mulembetsenso. Zanuzi zikuoneka ngati pali chipangizo china chomwe chinalumikizidwa ku akaunti yanu, moti nonse awiri mukuona macheza omwewo nthawi imodzi.

Chitani izi. Ngati foni yanu ndi Android, tsegulani WhatsApp, dinani timadontho titatu tili kumwamba kudzanja lamanja, musankhe `Linked devices`. Pa iPhone zili mu `Settings`. Mukafika pamenepo musadine china chilichonse, jambulani kaye sikirinishoti, kenako mutiuze zomwe zalembedwa.

Amake Tada: Ndafika. Pali ziwiri. China alemba `Windows`, china alemba `Google Chrome (Windows)`. Pansi pa choyamba pali deti la mwezi watha. Pansi pa chachiwiri alemba kuti `Last active` dzulo 21:47. Thupi langa lachita kuzizira.

Nabanda: Mtima pansi, chovuta chinali kupeza khomo lomwe analowera, ndipo mwina ndi limenelo. Inu muli ndi kompyuta?

Amake Tada: Ayi. Mwana wanga wamkazi ndi amene ali ndi laputopu ya kusukulu. Nthawi ya holide anandiikira WhatsApp mmenemo kuti tizitumiza zithunzi za katundu mwachangu. Koma anabwerera kusukulu mwezi watha, laputopu anapita nayo.

Nabanda: Ndiye choyambacho chikugwirizana ndi laputopu ya mwana, deti lake ndi la mwezi watha, nthawi yomwe munasiya kuigwiritsa ntchito. Chachiwiricho ndiye cha mafunso. Taganizani bwino, masabata apitawa munalozetsako kamera ya foni pa kachizindikiro ka timabokosi takuda pa kompyuta ya munthu wina? Kapena wina anakuuzani kuti mulembe khodi ya zilembo 8 mu WhatsApp yanu? Njira zolumikizira ndi ziwiri zimenezi, ndipo zonse zimafuna kuti foni yanu ikhale yotsegula m'manja mwa munthu.

Amake Tada: Mayo ine. Masabata atatu apitawo ndinapita kokapulinta mafomu a mwana wamng'ono. Mafomuwo anali pa WhatsApp. Mnyamata wa pamenepo anati m'malo motumiza pa nambala yake, ndingolozetsa foni pa kompyuta yawo atenge yekha. Atamaliza anatseka ine ndikuona ndi maso angawa.

Nabanda: Anatseka tsamba, koma akaunti sanatulukemo. Apa ndi pamene anthu ambiri timagwera. Kudina kamtanda kofiira kuli ngati kukankha chitseko kiyi n'kumusiya pomwepo. Aliyense amene angatsegulenso tsamba la WhatsApp pa kompyuta imeneyo amapeza macheza anu ali pompo, osafunsidwa kanthu, ngakhale foni yanu itakhala kutali kapena yozima. Akhoza kuwerenga, kulemba m'dzina lanu, kenako n'kufufuta kumbali yanu kokha. Akafufuta pa kompyuta, uthengawo umachokanso mu foni mwanu, koma kwa kasitomala umatsala. N'chifukwa chake wa ku Zomba ali nawo pomwe inu mulibe.

Ngati sikirinishoti mwajambula, dinani pa `Google Chrome (Windows)`, kenako `Log out`. Chitaninso chimodzimodzi ndi cha laputopu ya mwana. Akadzabwera mudzalumikizanso, si ntchito yaikulu.

Aphunzitsi a ku Dedza: Ndifunseko nawo. Sikirinishotiyo mukuiumiriza chifukwa chiyani? Ine ndikanangothamangira kutulutsa wakubayo.

Nabanda: Chifukwa mukangotulutsa, mzere umenewo umasowa ndipo WhatsApp sikusungirani mndandanda wa zipangizo zakale woti mudzabwerere kukaona. Mawa mukafuna kulankhula ndi mwini shopu, kapena kupita kupolisi, kapena kungofotokozera kasitomala kuti simunamudyere ndalama, chomwe mungaonetse ndi chithunzicho basi. Ndi ntchito ya masekondi awiri. Koma musachite kudikira mpaka mawa kuti wina adzakujambulireni, wakubayo akadali mkati.

Amake Tada: Ndajambula, ndatulutsa zonse ziwiri. Pano palibe chilichonse pamndandanda. Ndikupita kwa mnyamata uja mawa m'mawa, akandiona.

Wamafoni: Pitani ndithu mayi. Umboni muli nawo m'manja.

Nabanda: Apa ndiye ndikupempheni kuti mufatse. Chomwe muli nacho ndi umboni woti kompyuta ina inali mu akaunti yanu 21:47. Sichikunena kuti pampando panakhala ndani. Pa kompyuta ya malo opulintira pamakhala anthu angati pa tsiku? Pali mwini wake, antchito, makasitomala omwe amaloledwa kudzitsegulira okha, mwinanso wina wogona mu shopu momwemo. Ndiponso dzina loti `Google Chrome (Windows)` lili pa makompyuta osawerengeka, silikutchula shopu imeneyo. N'zoona kuti nkhani yanu ikuloza kumeneko, koma mukapita ndi ukali n'kutchula munthu kuti wakuba, mlandu ukhoza kukutembenukirani. Kalankhuleni ndi mwini wake modekha, mumuonetse chithunzi, mumufunse kuti amakhala ndi kompyutayo usiku ndani. Chinthu chomwe chingatsatidwe bwino ndi nambala yomwe inalandira K45,000 ija, chifukwa nambala zimalembetsedwa m'dzina la munthu. Kasitomala wanu, poti ndi amene anatumiza, akadandaule msanga ku kampani yomwe anatumizira ndalamayo komanso kupolisi, atatenga uthenga wotsimikiza kuti ndalama inapita.

Alamu Anu: Moni nonse, ndangolowa kumene. Ndiye mukuti munthu atha kumaona mauthenga a mnzake pa kompyuta? Tandiphunzitseni bwino, akazi anga masiku ano foni sakuisiya pansi.

Aphunzitsi a ku Dedza: Alamu, mwaiphonya nkhani. Pano tikuthandizana kutulutsa anthu olowa mozemba, osati kuphunzitsana kulowa. Zomwe mukufunazo ndi zomwe zawaliza mayiwa. Za kunyumba kakambiraneni ndi mayi a kunyumba, zikavuta ankhoswe alipo.

Alamu Anu: Chabwino aphunzitsi, ndamva. Koma ndaona pa yanga, palibe cholumikizidwa.

Wamafoni: Mayi, ikaninso `Two-step verification`, ili mu `Settings` kenako `Account`. Mukaika pini ya manambala 6 ija palibe angalumikizenso kompyuta.

Nabanda: Pini aike ndithu, pamenepo tagwirizana. Koma ntchito yake ndi ina. Imatchinga munthu amene akufuna kulembetsa nambala yanu pa foni yake, ngati aja amaimba n'kunama kuti akutumizirani khodi molakwitsa ndiye muwawerengere. Chipangizo chomwe chalumikizidwa kale pini siichichotsa, ndipo munthu amene wagwira foni yanu ili yotsegula si pini imeneyi ingamuletse kulumikiza. Chomuletsa ndi loko wa foni yeniyeniyo, chifukwa ngati munaika chala kapena nkhope yotsegulira, WhatsApp imafunsa zimenezo musanalumikize chipangizo chatsopano.

Wamafoni: Apo ndavomera. Koma zimatuluka zokha pakapita masiku, si choncho? Ndinamva kuti 14.

Nabanda: Masiku 14 alipodi, koma amawerengedwa foni yanu ikakhala osagwiritsidwa ntchito. Munthu wa bizinesi amene amatsegula WhatsApp m'mawa uliwonse sangafike pamenepo, ndiye musadalire zimenezo. Akaunti imodzi imalola zipangizo zolumikizidwa mpaka 4, ndipo kuyambira 2023 china mwa izo chikhoza kukhala foni inzake, osati kompyuta yokha. Choncho mukaona dzina la foni pamndandanda umenewo, musaganize kuti ndi yanu yomwe mwagwirayo. Foni yanu yeniyeni siionekapo. Chilichonse cholembedwa pamenepo ndi chowonjezera.

Amake Tada: Abale, mantha andigwira ndiye ndapita kukaonanso ku Facebook, poti ndili ndi peji ya malonda. Mwana wanga wandilondolera pa foni mpaka ndapeza polembedwa `Where you're logged in`. Kumeneko ndiye kwaipa. Mizere ilipo 6, ndipo 4 alemba Lilongwe. Ine ku Lilongwe ndinapitako kalekale ku ukwati. Ndiye kuti akubawa ndi gulu?

Wamafoni: Mwaona? Ndimanena ine. Amenewo ndi a ku Lilongwe, shopu ija mwina ilibe mlandu.

Nabanda: Ayi achimwene, dzina la mzinda lisatipusitse. Facebook ndi Google polemba malowo amangoyerekeza kuchokera pa adiresi ya intaneti yomwe kampani ya netiweki yakupatsani nthawi imeneyo. Intaneti ya pa foni imadutsa pa makina akuluakulu a kampani isanatuluke kunja, ndiye munthu ali ku Limbe, ku Mangochi kapena ku Karonga amatha kuoneka ngati ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Ine ndili ku Mzuzu koma kawirikawiri yanga imalemba Lilongwe. Amene amagwiritsa ntchito VPN, apu yobisa komwe munthu ali, amatha kuonekanso ngati ali dziko lina kumene.

Amayi, mzinda usiyeni kaye. Pa mzere uliwonse tiwerengereni dzina la chipangizo ndi deti.

Amake Tada: Wapamwamba alemba `This device`, ndi Tecno yanga, Lilongwe. Wachiwiri Tecno yomweyo, sabata yatha, Lilongwe. Wachitatu Tecno yomweyonso. Wachinayi kompyuta ya Windows, mwezi watha, Blantyre. Wachisanu alemba `SM-A125F`, Lilongwe, miyezi iwiri yapitayo. Womaliza iPhone, Johannesburg, Lamlungu lapitali.

Nabanda: Taonani wapamwambayo. Ndi foni yomwe ili m'manja mwanu ku Limbe, koma alemba Lilongwe. Nkhani ya mzinda yathera pomwepo.

Tecno kuoneka katatu si chachilendo. Nthawi iliyonse mukalowa pa njira yatsopano pamatsegulidwa mzere wakewake. Apu ya Facebook ndi mzere, Facebook Lite ndi mzere wina, kulowa kudzera pa Chrome ndi winanso, chonsecho foni ndi imodzi. Kompyuta ya mwezi watha ikufanana ndi laputopu ya mwana, mufunseni atsimikize. `SM-A125F` ndi nambala ya mtundu wa foni, Samsung Galaxy A12. Munakhalapo ndi Samsung, kapena munabwerekako ya munthu?

Amake Tada: Eya! Imeneyo ndi foni yanga yakale. Inasweka galasi, ndinapatsa mng'ono wanga kuti akakonzetse azigwiritsa ntchito. Sindinafufute kanthu, ndinangochotsa simu.

Nabanda: Kuchotsa simu sikutulutsa munthu mu Facebook kapena mu Gmail. Foniyo ikangopeza intaneti, akaunti zanu zimatseguka ngati kale. Deti likuonetsa kuti papita miyezi iwiri osatsegulidwa, ndiye sindikuikayikira pa nkhani ya K45,000, koma itulutseni. Watsala wa iPhone. Ameneyo ndiye mufunse mtima wanu bwino.

Wa ku Joni: Mayi, mulibe m'bale kuno amene amakuthandizani peji? Ambiri ogulitsa nsapato amaoda kuno, ndipo ndaonapo anthu akupatsana pasiwedi kuti wa kunoyo aziika yekha zithunzi za katundu watsopano.

Amake Tada: Mchimwene wanga ali komweko ndipo ndi amene amandigulira nsapato. Pasiwedi ndinamupatsadi chaka chatha. Koma ndimadziwa kuti ali ndi Huawei, za iPhone sindikuzidziwa. Ndamulembera, sanayankhe, amagwira ntchito usiku.

Nabanda: Musadikire yankho lake. Tulutsani zonse kupatula foni yanu. Pansi pa mndandandawo pali `Select devices to log out`, musankhe zonse. Akakhala mchimwene wanu, adzakuimbirani kudandaula kuti watulutsidwa ndipo palibe chomwe chaonongeka. Akakhala mlendo, mwamudula. Koma apa ndi pamene mawu a achimwene a mafoni aja akugwira ntchito: ku Facebook kutulutsa kokha sikukwanira. Munthu amene akudziwa pasiwedi amangolowanso mphindi yomweyo. Ndiye mukatulutsa, sinthani pasiwedi nthawi yomweyo, pomwepo pa `Password and security`. Ndipo mchimwene wanu musadzamupatsenso pasiwedi. Peji ili ndi njira yomupatsa udindo kudzera pa akaunti yake, moti tsiku lina mukadzaona chipangizo chachilendo pa akaunti yanu simudzayamba kudzifunsa kuti mwina ndi iye.

Wamafoni: Ndiye sindinaname kwenikweni.

Nabanda: Simunaname, munangoika mankhwala a Facebook pa bala la WhatsApp. Ku WhatsApp wolowayo alibe chinsinsi chomwe akudziwa, ali ndi chilolezo chomwe foni inapereka, ndiye mukachichotsa watha. Ku Facebook ndi ku Google amakhala kuti akudziwa pasiwedi, ndiye pamafunika zonse ziwiri.

Wa ku Joni: Ndiloleni ndiike yanga, chifukwa ine ndinachita zonse mwanenazi koma munthu anabwereranso. Chaka chatha ndinaona kuti anzanga akulandira mauthenga opempha ndalama kuchokera pa Facebook yanga. Ndinatulutsa zipangizo zonse, ndinasintha pasiwedi. Patatha masiku atatu, pasiwedi yatsopanoyo inakana. Ndinabwezeretsa akaunti, ndinasinthanso, sabata isanathe zomwezo. Ndinafika poganiza kuti foni yanga ili ndi kachilombo, ndinaifufuta yonse, koma ayi ndithu.

Mnzanga wina wa kuntchito ndi amene anandifunsa kuti, kodi Facebook ukaiwala pasiwedi khodi imapita kuti? Ndinati ku Gmail. Titatsegula `google.com/devices` tinapeza foni yomwe ndinagulitsa pamsika miyezi isanu m'mbuyomo idakali mu akaunti yanga ya Google. Munthuyo sankafunika kudziwa pasiwedi yanga ya Facebook. Ankangodina kuti waiwala, khodi n'kubwera ku imelo yomwe inali yotsegula m'manja mwake, n'kufufuta imeloyo ine ndisanaione. Ine ndinkakolopa pansi mpopi uli chitsegulire.

Nabanda: Nkhani iyi aliyense aiwerenge kawiri. Imelo ndi imene imasunga makiyi a akaunti zinazo, ndiye pokonza timayambira kumeneko. Amayi, Samsung ija ngati inali mu Facebook, ndiye kuti ilinso mu Google. Pa foni pitani ku `Settings`, `Google`, `Manage your Google Account`, kenako gawo la `Security`. Mupeza `Your devices`, ndipo pansi pake `Manage all devices`. Dinani chipangizo chomwe simukuchifuna, musankhe `Sign out`. Chikatuluka chimatha kukhalabe pamndandanda kwa kanthawi chitalembedwa `Signed out`, musadabwe n'kuganiza kuti chakana.

Pafupi pomwepo pali `Recent security activity`, yoonetsa za masiku 28 apitawa, monga kulowa kwa chipangizo chatsopano kapena kusinthidwa kwa pasiwedi. Malire akewo muwadziwe: munthu amene analowa miyezi itatu yapitayo n'kukhala phee sangaoneke pamenepo ngati wolowa kumene. N'chifukwa chake timaona mbali zonse ziwiri, zochitika ndi zipangizo.

Aphunzitsi a ku Dedza: Ine ndatsatira nawo pa yanga. Ndapeza foni yanga, laputopu yanga, koma palinso `Linux`. Ine chinthu chimenecho sindinachigwirepo chibadwire. Nthawi yake ndi Lachisanu lapitali masana.

Nabanda: Lachisanu masana munkachita chiyani pa foni? Munatsegulako tsamba lina mu Chrome n'kusankha `Desktop site` kuti lioneke ngati pa kompyuta?

Aphunzitsi a ku Dedza: Ndinkadzaza fomu ina yomwe imavuta pa foni, ndipo ndinasankhadi zimenezo. Koma ngati linali Lachisanu kapena Lachinayi, mutu wanga sukugwira bwino.

Nabanda: Foni ya Android ikaikidwa pa `Desktop site` imadzitchula ngati kompyuta ya Linux, ndiye mwina ndi inu nomwe. Tsegulani `History` mu Chrome muone ngati tsiku ndi ola zikugwirizana. Zikagwirizana, mtima ukhale m'malo. Zikapanda kugwirizana, kapena mukapeza kuti munafufuta, itulutseni n'kusintha pasiwedi. Kutulutsa chipangizo chanu molakwitsa mtengo wake ndi kulembanso pasiwedi basi. Njira yanga pa mzere uliwonse ndi imeneyi: dzina la chipangizo ndikulidziwa kodi, ndipo pa ola limenelo ndinali pa intaneti? Nambala ya mtundu wa foni yanu mukhoza kuiona mu `Settings` pa `About phone`, kuti muzitha kuizindikira ikalembedwa mwa manambala.

Aphunzitsi a ku Dedza: `History` ndimafufuta kawirikawiri chifukwa ana amabwereka foni, ndiye palibe choyerekeza. Ndaitulutsa ndipo ndasintha.

Wa ku Joni: Achemwali a Nabanda, auzeninso za kutumiza maimelo kwina kuja. Kwa ine titachotsa foni ija tinapezanso kuti munthuyo anasiya msampha.

Nabanda: Zoona, ndipo izi mndandanda wa zipangizo sungakuonetseni. Munthu wochenjera akadziwa kuti tsiku lina adzatulutsidwa, amakonzeratu njira yobwererera. Ku Gmail malo ake ndi awa. Pa `Security` pomwepo onani `Recovery phone` ndi `Recovery email`, mutsimikize kuti nambala ndi imelo zili pamenepo ndi zanu. Wina akaikapo yake, pasiwedi musinthe kakhumi, iye azingoibwezeretsa. Kenako pa kompyuta, chifukwa pa apu ya foni sizioneka, tsegulani Gmail, `See all settings`, muone `Forwarding and POP/IMAP` komanso `Filters and Blocked Addresses`. Mukapeza adiresi yachilendo yomwe maimelo anu akutumizidwako, kapena lamulo loti imelo iliyonse yochokera ku Facebook izifufutidwa, chotsani. Zimenezi zimagwirabe ntchito ngakhale mutasintha pasiwedi, chifukwa ndi akaunti yanu yomwe ikutumiza yokha.

Muli pa kompyuta pomwepo, tsikirani pansi penipeni pa maimelo, kudzanja lamanja. Pali timawu tating'ono `Last account activity` ndi `Details`. Mukadina mumaona maulendo 10 omaliza omwe akaunti inatsegulidwa, ola lake, adiresi ya intaneti, ndi njira yomwe inagwiritsidwa ntchito. Mukaona `IMAP` kapena `POP3` chonsecho simunaikepo Gmail yanu mu pulogalamu ina yowerengera maimelo, fufuzani. Koma poti ndi 10 yokha, kwa munthu wotsegula imelo pafupipafupi imangofika dzulo kapena dzana.

Amake Tada: Pa kompyuta ndiye pandivuta, ndilibe. Ndipite kokapulinta komweko?

Wa ku Joni: Ayi mayi, chonde! Kumeneko ndiye mukaperekanso Gmail.

Nabanda: Osapitako. Tsegulani `mail.google.com` mu Chrome ya pa foni yanu n'kusankha `Desktop site`. Zilembo zimachepa kwambiri ndipo nthawi zina imakakamira kubwerera ku maonekedwe a foni, koma imatheka. Ikakanika, dikirani laputopu ya mwana kapena ya munthu amene mumamukhulupirira. Ndipo mukatero musadzadabwe kuona `Linux` ngati aphunzitsi. Za `Recovery phone` ndi zipangizo chitani lero lomwe, zimenezo zimatheka pa foni.

Tsiku lina mukafuna kupulinta, tumizani fayilo yokhayo ku nambala kapena imelo ya shopu, kapena muiike pa fulashi.

Wamafoni: Ine pa benchi panga ndimauza anthu kuti asanagulitse foni achite `Factory reset`, kufufuta zonse zili mu foniyo. Koma ambiri amabwera foni itafa galasi, sangathe n'kudina komwe. Ndiye ndizingowauza kuti akaitulutse pa `google.com/devices` ali pa foni ina?

Nabanda: Eya, ndi ku Facebook komwe. Koma muziwauzanso kuti kutulutsa kumangodula akaunti. Zithunzi ndi mafayilo omwe ali kale mu foniyo amakhala momwemo mpaka itafufutidwa. Chimodzimodzi kwa amayiwa, zomwe munthu uja anawerenga kapena kukopera m'masabata atatu aja sizingabwezedwe. Manambala a makasitomala anawaona, ndipo akudziwa amene ali ndi ngongole ndi amene akudikira katundu. Akhoza kuwalembera pa nambala ina ataika chithunzi chanu.

Amake Tada: Zimenezo sindinaziganize. Ndiika pa sitetasi pompano kuti nambala yanga yolandirira ndalama sinasinthe, ndipo aliyense andiimbire asanatumize. Amene ali ndi maoda ndiwaimbira mmodzimmodzi.

Aphunzitsi a ku Dedza: Nanga kasitomala wa ku Zomba uja mutani naye? Iye anatumiza poona nambala yanu.

Wamafoni: Anayenera kuimba kaye. Nambala ikasintha mwadzidzidzi munthu umafunsa.

Wa ku Joni: Koma uthenga unachokera pa akaunti yeniyeni ya mayiwa, m'macheza omwe amalankhulana masiku onse. Inuyo mukanakayika? Ine ndikuona kuti agawane.

Amake Tada: Ndi kasitomala wa zaka zinayi, sindikufuna kumutaya. Ndikambirana ndi bambo a kunyumba usiku uno.

Amake Tada: Mwadzuka bwanji nonse. Ndikupatseni zomwe zachitika. Ku Google ndinapezadi Samsung ija, ndaitulutsa, pasiwedi ndasintha, nambala yobwezeretsera ndi yanga. Kasitomala wina wa ku Ndirande wandiuza kuti nayenso analandira uthenga wa nambala yatsopano Lachitatu, mwamwayi anali asanatumize. Kwa mwini shopu ndapita m'mawa uno. Wandilandira bwino, ndipo titatsegula kompyuta yake tapeza WhatsApp ya munthu winanso ili chitsegukire, waitulutsa ine ndili pomwepo. Akuti amatseka 5 koloko ndipo makiyi ali ndi anthu atatu, afufuza. Sindikudziwa ngati ndimukhulupirire.

Mchimwene wanga wayankha. Akuti iPhone ndi ya mnzake amene amakhala naye, anabwereka kamodzi foni yake itathera moto, koma akuti munali mu Disembala, osati Lamlungu lapitali.

Nabanda: Ndiye kuti akaunti inatsala yotsegula pa iPhone imeneyo kuyambira Disembala. Deti la Lamlungu likhoza kungotanthauza kuti mnzakeyo anatsegula apu ya Facebook n'kupeza ili pa dzina lanu, kapena ankawerengadi. Mndandanda sungasiyanitse ziwirizi. Chomwe mungachite ndi kutsegula `Activity log` ndi mauthenga a peji, muone ngati pali cholembedwa Lamlungu chomwe si chanu. Yatsaninso `Login alerts`, yokuchenjezani wina akalowa, ndi `Two-factor authentication`, yofuna khodi kuwonjezera pa pasiwedi, pa `Password and security` paja. Kenako mawa ndi mkuja bwererani pa mindandanda itatu yonse. Mukapeza mzere watsopano womwe si wanu chisinthireni pasiwedi, ndiye kuti pali khomo lomwe sitinalipeze, mudzatiuze dzina la chipangizo ndi ola lake.

Amake Tada: Ndaona `Activity log`, Lamlungu palibe chachilendo. Mauthenga a peji ndi ambiri, ndiwerenga madzulo ndikatseka. Wa ku Zomba tapangana kuti tikumane Lolemba tipitire limodzi kupolisi ndi zithunzi zonse ziwiri, chake ndi changa.